Kalata kwa mnzanga amene akumunena kuti ndi nthirakuwiri

Sabata ino ndalemba kalata, ndipo mwini wake wandilola kuti ituluke pa tsamba lino bola ndisatchule dzina lake. Ndi mnzanga wa kuno ku Chipoka, tidakulira limodzi, ndiye musadabwe ndikamamutchula kuti iwe.

Mnzanga,

Uthenga wako wa mawu uja ndidaumvera kawiri. Udatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Udayamba ndi mtengo wa usipa, n'kulowa za mwera umene waletsa asodzi kulowa pa nyanja, n'kudumphira ku fizi ya mwana, n'kundiseka za chitenje chimene ndidavala ku maliro. Pa mphindi yachisanu ndi chimodzi mpamene udanena chimene udandiimbira: kuti amayi a ku banki mkhonde akukunena kuti ndiwe nthirakuwiri, ndipo ukufuna kutula pansi udindo wa mlembi ndalama zisanagawidwe. Kenako udamaliza ndi funso. Mdzukulu wako adalowetsa tsiku lako lobadwa mu foni, foniyo n'kulemba kuti Mercury in Gemini, ndiye ukufuna kudziwa ngati chimenechi ndicho chikukuchititsa. Udafunsa ine chifukwa ukudziwa kuti mabuku a okhulupirira nyenyezi ndidawawerengako kwa zaka zingapo, ngakhale kuti ine mwini sindiyendera zimenezo.

Ndiyankha funso lakolo monga mmene eni ake a luso limeneli angaliyankhire, kenako ndikuuza pamene ine ndikuima.

Choyamba, foni sidaname. Mekyule ndi pulaneti laling'ono limene lili pafupi kwambiri ndi dzuwa, ndipo limazungulira dzuwalo m'masiku 88 okha. Tikamaliona kuchokera pansi pano silitalikirana ndi dzuwa kuposa madigiri 28. Okhulupirira nyenyezi adagawa njira imene dzuwa limaoneka ngati likuyendamo chaka chonse m'zigawo 12, chilichonse cha madigiri 30. Chigawo chachitatu ndiye Jeminayi, kutanthauza Mapasa. Iwe udabadwa pa 15 Meyi 1995. Tsiku limenelo dzuwa lidali m'chigawo chachiwiri, cha Ng'ombe, pa digiri ya 24. Mekyule adali atatsogola ndi madigiri pafupifupi 21, motero adali atalowa kale m'Mapasa, cha pakatikati penipeni.

Apa mpamene pali yankho la chinthu chimene chakhala chikukudabwitsa. Nthawi zonse ukawerenga za anthu obadwa mwezi wako, amalemba kuti a Ng'ombe ndi anthu ofatsa, osathamanga, a mawu ochepa, ndipo iwe umangoseka kuti awa sakundidziwa. Wokhulupirira nyenyezi angakuuze kuti umayang'ana polakwika. Zolemba zazifupi zija zimangotsata pamene padali dzuwa. Koma za kaganizidwe, kayankhulidwe ndi kalembedwe iwo amaziwerengera kwa Mekyule, ndipo poti Mekyule satalikirana ndi dzuwa, amapezeka m'chigawo chomwecho cha dzuwa kapena choyandikana nacho, kutsogolo kapena kumbuyo. Wako adali kutsogolo. Ndiye kwa iwo ndiwe munthu wa miyendo ya ng'ombe koma lilime la mapasa.

Maganizo amenewa ndi akale. Tolemi, katswiri wina amene ankakhala ku Alekizandiriya ku Iguputo m'zaka za m'ma 100, adalemba kuti nzeru ndi kulingalira kwa munthu kumaonedwa poyang'ana Mekyule, ndipo adaika Mapasa ndi Namwali kuti ndizo nyumba ziwiri za pulaneti limeneli. Ndiye akanena kuti Mekyule wako ali m'Mapasa, akutanthauza kuti ali pakwawo, sali mlendo, akuchita zimene amadziwa popanda womuletsa. Ndipo ntchito ya Mekyule n'chiyani? Kwa Aroma adali mulungu wonyamula mauthenga ndi wa amalonda; Agiriki ankamutchula Herme. Dzina limeneli udalimvapo ku tchalitchi. Pa Machitidwe 14, anthu a ku Lusitara atamuona Paulo adamutcha Herme chifukwa ndiye ankatsogolera poyankhula. Choncho chithunzi chake n'cha mthenga, munthu wapakati, amene amatenga mawu uku n'kukawatula uko.

Tsopano tiyeni tiike chithunzichi pambali pa iwe.

Amati munthu wa Mekyule m'Mapasa amaganiza akuyankhula. Sayamba waganiza kaye n'kumatsegula pakamwa atamaliza. Maganizo ake amapsa ali pa lilime. Izi ndiwe ndithu. Uthenga wako uja sudali chisokonezo monga mmene wina angaganizire. Mphindi zisanu zoyambazo unkafufuza njira yolowera ku nkhani imene imakuwawa, ndipo udaipeza uli mkati moyankhula. Ine ndidazolowera, ndimadikira. Koma munthu amene sakukudziwa amamva za usipa ndi za mwera, n'kuzimitsa foni pa mphindi yachitatu, akuganiza kuti palibe nkhani.

Amatinso amatola mawu ngati mmene nkhuku imatolera mapira. Apanso sindingatsutse. Pa doko umayankhula Chiyao ndi amayi a ku Ngodzi, sudachiphunzire kusukulu. Wogula wa ku Lilongwe akatsika pa msewu wa M5 umasintha mawu n'kukhala wa m'tauni, akachoka umabwerera ku Chichewa cha kwathu. Ukamafotokoza zimene wina wanena sumangonena mawu ake, umatengera ndi mmene amakokera mawuwo, mpaka tonse timamuona munthuyo ali pomwepo. N'chifukwa chake nsomba zako sizigona. Ndikayerekeza ndi ine, amene ndimatha tsiku lonse kusula chiganizo chimodzi, nsanje imandigwira ndithu.

Koma pali mbali yachitatu, ndipo ndiyo yakubweretsera mavuto. Mapasa ndi awiri. Tolemi yemwe uja adaika chigawochi m'gulu la zigawo za matupi awiri, ndipo adati zimenezi zimapereka mtima wosinthasintha, waluso pa zambiri, wovuta kuugwira pamodzi. Olemba a masiku ano amazinena mofewa: amati munthu wotere amaona mbali zonse ziwiri za nkhani ndipo atha kuyankhulira iliyonse ngati yake.

Taona zimene zidachitika ku gulu kwanu, monga mmene udandifotokozera iwe mwini. Mayi wina adakongola K60,000 ndipo tsiku lobweza lidadutsa. Msungichuma adakwiya. Iwe udapita kwa wokongola uja, iye n'kukufotokozera kuti usipa wake udaolera pa thandala chifukwa cha mvula, mwana n'kudwalanso. Udamumvetsa, ndipo udamuuza mawu omwe iye ankalephera kuwapeza: kuti gulu lidapangidwa kuti lizithandiza pa nthawi ngati imeneyi. Madzulo ake udakumana ndi msungichuma, iye n'kudandaula kuti akalekerera mmodzi onse adzachedwetsa, ndipo pogawana adzatukwanidwa ndi iyeyo. Udamumvetsanso, n'kumuuza kuti malamulo a gulu ndi malamulo. Aliyense adagona akudziwa kuti mlembi ali mbali yake. Lachitatu pa msonkhano aliyense adakutchula kuti ndiwe mboni yake, ndipo mawu ako awiri aja adakumana pabwalo.

Ine ndikudziwa kuti sudaname. Zonse ziwiri udazikhulupirira pa nthawi imene unkazinena. Koma kwa amene akuonera kunja, munthu wonena zoona ziwiri kwa anthu awiri amafanana kwambiri ndi wabodza. Kusiyana kwake n'kumodzi: wabodza amabisa kuti wayankhula ndi winayo. Ndiye funso limene ndikufuna udzifunse n'lakuti, kodi udamuuza wokongola uja kuti ukaonananso ndi msungichuma ndipo naye ali ndi mfundo? Sudamuuze. Sudabise mwadala, udangothamangira nkhani yotsatira. Pamenepo mpamene padaduka ulusi.

Za kalembedwe kako nazo zili m'buku la gulu, limene udandionetsa mwezi watha. Sindidawerengepo maminitsi okoma ngati amenewo. Udalemba amene adabwera mochedwa ndi chifukwa chimene adapereka, udalemba nthabwala ya apampando, udalemba mpaka mbuzi imene idalowa pamsonkhano. Pa tsamba la ngongole ija udalemba mfundo za mbali zonse ziwiri bwinobwino, mizere khumi ndi iwiri. Koma sudalembe tsiku latsopano limene gulu lidagwirizana kuti mayiyo abweze, ngakhale chindapusa chake. Ndidakufunsa, udati aliyense akudziwa. Lero aliyense akudziwa zosiyana. Mabuku a nyenyezi amanena zomwezi za Mekyule wa m'Mapasa: kuti ziganizo zake n'zazifupi ndi zamoyo, amayamba makalata ambiri, amakonda mafunso kuposa mayankho, ndipo pomaliza mpamene pamamuvuta. Amati Mekyule wa m'Namwali, nyumba yake inayo, ndiye wa maakaunti ndi mizere yowongoka. Wa m'Mapasa ndi wa pa msika.

Mpaka apa mwina ukuti basi, nyenyezi zanena zoona. Dikira kaye, pali zinthu zimene mdzukulu wako sadakuonetse.

Chaka cha 1995 Mekyule adalowa m'Mapasa kumayambiriro kwa Meyi ndipo sadatulukemo mpaka sabata yachiwiri ya Julaye. Nthawi zambiri amadutsa chigawo chimodzi m'masabata awiri kapena atatu, koma chaka chimenecho adachedwamo chifukwa kuyambira pa 24 Meyi mpaka pa 17 Juni ankaoneka ngati akubwerera m'mbuyo. Sikuti amabwereradi. Zimachitika katatu kapena kanayi pa chaka, pamene iye akudutsa pakati pa ife ndi dzuwa, monga mmene minibasi imene mukuipitirira imaonekera ngati ikubwerera chamtsonde, kungoti apa wopitirira ndi iyeyo. Tanthauzo lake n'lakuti mwana aliyense wobadwa m'miyezi iwiri imeneyo, ku Chipoka, ku Karonga, ku China komwe, ali ndi Mekyule m'Mapasa ngati iwe. Mmodzi mwa iwo ndi msuweni wako uja wobadwa kumayambiriro kwa Juni, amene mudapita naye ku sikelo limodzi. Munthu amene uja akayankha moni ndiye kuti wayankhula za tsiku lonse.

Wokhulupirira nyenyezi ali nalo yankho, ndipo ndilinena mwachilungamo. Angati Mekyule wa msuweni wakoyo adali akubwerera m'mbuyo, choncho mawu ake amalowa mkati m'malo motuluka. Angawonjezere kuti adali pafupi kwambiri ndi dzuwa. William Lilly, Mngelezi amene adalemba buku lalikulu la luso limeneli mu 1647, ankati pulaneti likayandikira dzuwa mosapitirira madigiri asanu ndi atatu ndi theka ndiye kuti lapsa, lafooka. Wako adali patali madigiri 21, osapsa, akuyenda chakutsogolo, woonekera bwino kumadzulo dzuwa litalowa. Ndiye iwe woyankhula, iye wachete, zonse zalongosoka. Chimene chimandivuta ine n'chomwecho. Ukanakhala wachete ndiwe, akanapezanso chifukwa: akanati Mekyule wako adali atayamba kuchepetsa liwiro, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti aime. Luso limene lili ndi yankho kaya zinthu zigwere uku kaya uko silingagwidwe kulakwa, ndipo chinthu chosagwidwa kulakwa n'chovuta kuchidalira.

Chinanso. Ukanapita kwa wopenda nyenyezi wa ku India akanakuuza kuti Mekyule wako sali m'Mapasa n'komwe. Azungu amayamba kuwerenga zigawo zija kuchokera pamene dzuwa limakhala cha pa 21 Malichi, pomwe a ku India amatsata nyenyezi zenizeni zimene zili kumwamba. Kalekale njira ziwirizi zinkagwirizana, koma dziko limapendama pang'onopang'ono pozungulira, ndipo lero zasiyana ndi madigiri pafupifupi 24. Chotsa 24 pa malo a Mekyule wako: wabwerera m'Ng'ombe. Wa ku India akanakuuza kuti ndiwe woyankhula modekha, wosasintha mawu. Thambo ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo, mayi ndi yemweyo.

Ndiye bwanji zimene ndalemba pamwambapa zakukwana ngati diresi losokedwa ndi telala wako? Mbali ina n'chifukwa chakuti ndakudziwa zaka makumi awiri ndi kuposa. Mabuku adandipatsa mitu itatu, koma usipa, Chiyao ndi mbuzi ija ndidaikamo ndine. Mbali inanso ndi mmene mitu yathu imagwirira ntchito. Mu 1948 mphunzitsi wina wa ku Amereka, Bertram Forer, adapatsa ophunzira ake 39 pepala lofotokoza khalidwe la aliyense, n'kuwauza kuti aliyense walemberedwa lakelake. Atawafunsa kuti lawalondola bwanji, adalipatsa mamalikisi opitirira 4 pa 5. Kenako adawaululira kuti onse adalandira pepala limodzimodzi, ndipo ziganizo zambiri adazitenga m'kabuku ka nyenyezi kogula pamsewu. Munthu ukamva mawu onena za iwe umathamangira kukumbukira tsiku limene adakwanira, masiku amene sadakwanire osawawerenga.

N'chifukwa chake amayi a ku Mvano akakufunsa ngati wayamba zoombeza, uwauze kuti ayi. Sindikukuuza za mawa, ndipo sindikhulupirira kuti kadontho kamene kali kutali makilomita mamiliyoni ambirimbiri kadalowa m'buku la banki mkhonde n'kufufuta deti. Chimene ndimapezamo ine m'mabuku amenewa n'chakuti anthu akhala zaka pafupifupi 2,000 akuyang'anitsitsa mitundu ya anthu, ndipo mtundu wa mthenga adaujambula bwino kwambiri, ubwino wake ndi matenda ake omwe. Makolo athu nawo adauona popanda Mekyule: paja amati kandimverere adakanena za m'maluwa. Chithunzicho ungachigwiritse ntchito ngati kalilole. Koma ukapita Lachitatu n'kukanena kuti si ine ndi Mekyule, adzakuseka, ndipo ine ndidzaseka nawo.

Usatule udindo. Ukatula pano, ndalama zisanagawidwe, anthu adzati mlembi wathawa chifukwa buku lili ndi nkhani, ndipo dzina la nthirakuwiri lidzasanduka la wakuba. Pagulu lonselo palibenso wina amene angafotokoze mbali ya wokongola moti msungichuma n'kuimva, kapena ya msungichuma moti wokongola n'kuimva. Luso limene lakugwetsali ndi lomwe likufunika, kungoti ulichitire pamalo amodzi, onse awiri ali pomwepo. Ukaimirira uyambe ndi chiganizo ichi, usanatchule nyengo, usanaseke aliyense: ndidayankhula ndi onse awiri, aliyense ndidamuuza kuti ali ndi mfundo, ndipo ndidalakwa posamuuza aliyense kuti mnzakenso ali nayo. Ukatero ufotokoze mbali ziwirizo monga umathera. Ndiye ukhale pansi. Kukhala pansiko ndikudziwa kuti n'kumene kudzakuvute, chifukwa pamenepo mutu wako udzakhala utapeza kale mbali yachitatu ndi yachinayi.

Za bukulo, usasinthe kalembedwe kako. Mbuzi ija isiye momwemo, tidzaikumbukira tikadzakalamba. Ungojambula mzere kumunsi kwa tsamba lililonse, ndipo pansi pa mzerewo uzilemba zinthu zitatu zokha: ndani, ndalama zingati, tsiku liti. Uziwerenge mokweza anthu asanabalalike, apampando asayine. Pamwamba pa mzere ndi pa Mapasa, pansi pake ubwereke Namwali kwa mphindi ziwiri. Chimodzimodzi mauthenga ako a pa foni: kwa ine tumiza a mphindi zisanu ndi ziwiri, ndimawakonda ndikamatsuka mbale. Kwa msungichuma, chimene ukadanena pa mphindi yachisanu ndi chimodzi chikhale choyamba.

Udafunsanso ngati Mekyule ameneyu amaoneka ndi maso. Amaoneka, koma n'ngwamanyazi. Poti satalikirana ndi dzuwa, umamupeza kwa kanthawi kochepa dzuwa litangolowa kapena lisanatuluke, m'munsi kwambiri, ndipo si mwezi uliwonse. Kuno madzulo mapiri a kumadzulo amamubisa msanga. Nthawi yabwino kwa ife ndi pamene ali wa m'mamawa, chifukwa kum'mawa kwathu ndi nyanja, palibe chotchinga. Usamusokoneze ndi Nthanda, imene imawala kwambiri. Iye ndi kadontho kochepa m'kufiira kwa m'bandakucha. Masiku ake akadzafika ndidzakuuza, tidzapite ku doko nthawi imene umakadikira maboti.

Loweruka ndibwera ndi rula ndi bolopeni yofiira. Bukulo usalibwereketse kwa aliyense, ndipo undisungireko usipa wa pa thandala la pakona lija, osati wa dzana.

Ndine mnzako wa mawu ochedwa uja.